Musandiuze za bajeti ngati simunaone mtengo wa dola lero

Ndapsa mtima, ndipo sindibisa. M'mawa uno munthu amene ndimamuyendetsera zotsatsa malonda ake pa Facebook wandiimbira foni n'kunditchula wakuba. Akuti tinagwirizana ndalama ina, ndiye nanga bwanji mwezi watha ndi ndalama ina yokwera? Ndamutumizira malisiti onse, ndamutumiziranso pepala la ku banki, koma iye ayi ndithu, akuti bajeti ndi bajeti. Bambo inu, bajeti yake iti? Munailemba mu ndalama ya m'thumba mwanu, pomwe katundu amene mukugulayo amagulitsidwa mu madola. Mtengo wake umadziwika tsiku limene khadi ya ku banki yadulidwa ndalama, osati tsiku limene munakhala pansi ndi cholembera.

Ndibwerezenso, chifukwa anthu ambiri sakumva. Ngati akaunti yanu yotsatsira malonda ili mu madola, ngongole yanu ili mu madola. Ndalama ya kwanu ikagwa usiku, ngongoleyo imadzuka itakula, ngakhale simunaonjezere kalikonse.

Taonani mmene zinayendera. Ndiika dola imodzi pa 1,000 kuti masamu asativute, inu muikepo mtengo wa kwanuko. Tinagwirizana madola 10 pa tsiku kwa masiku 30. Ndiwo madola 300, ndipo iye analemba m'buku mwake 300,000 n'kutseka bukulo. Poyamba penipeni, banki sigulitsa dola ya pa khadi pa mtengo umene mumauona pa nyuzi. Imaikapo kake, kuphatikizapo chindapusa chogwiritsa ntchito khadi kunja. Kwa ife zonse pamodzi zinkakwana 5 pa 100 iliyonse, ndiye dola yeniyeni inali 1,050, ndipo mweziwo unali kale pa 315,000 chinthu chisanayambe n'komwe. Ndinamuuza tsiku loyamba. Anati ndi zazing'ono.

Chachiwiri ndi ichi chimene chimapweteka anthu. Pa njira yolipirira imene ambiri amaipeza atatsegula akaunti, Meta, kampani ya Facebook, satenga ndalama zotsatsazo zisanayambe. Zimayamba kuyenda pa ngongole, kenako khadi imadulidwa ngongoleyo ikafika pa mlingo winawake, kapena likakwana tsiku lolipira la pamwezi. Mlingowo umayamba wochepa, madola owerengeka chabe, ndipo umakwera mukamalipira bwino. Akaunti ya mkuluyu inali yakale, mlingo wake unali utakwera. Ngongole inafika madola 150, khadi inayesedwa, banki inakana. Chifukwa chake ndi chomwe chija: madola ndi ochepa, ndiye mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi ingalipire kunja pamwezi. Zotsatsa zinaima pomwepo, pa foni n'kutulukira `Payment failed`.

Tsiku lomwelo ndinamuuza kuti tipeze njira ina tilipire lero lino. Madola 150 pa 1,050 anali 157,500. Iye anati tidikire mwezi uthe malire a khadi atsegukenso, palibe chothamangira. Chakudza sichiimba ng'oma. Tikudikira choncho ndalama inagwa, dola inachoka pa 1,000 kufika pa 1,300, ndipo ndi za banki zija inakhala 1,365. Madola 150 omwe aja, osaonjezerapo ngakhale senti imodzi, anasanduka 204,750. Kudikirako kunamudyera 47,250. Masiku 15 otsalawo anadulidwanso pa mtengo watsopanowo, 204,750 inanso. Mwezi wa 300,000 unathera pa 409,500. Ndiye lero wakuba ndine?

Ndalamayo sindinaigwire ine, ndipo pa akaunti palembedwa madola 300 ndendende monga tinagwirizanira. Yapita chifukwa munthu anagoneka ngongole ya madola akuganiza kuti ikhala phee kumudikira. Ngongole ya madola saigoneka. Ukaiona uilipire, kaya ndi Lamlungu, kaya ndi usiku.

Ndipo musaganize kuti zoterezi n'zosowa. Ku Egypt pa 6 Malichi 2024 dola inachoka pa mapaundi a kumeneko pafupifupi 31 kufika cha m'ma 50 tsiku limodzi lokha. Aliyense amene anagona ndi ngongole ya madola usiku umenewo anadzuka nayo itakula ndi theka ndi kupitirira. Ku Nigeria m'chaka cha 2022 mabanki angapo anatsitsa malire a makhadi a naira kufika pa madola 20 pamwezi, ena n'kudzatsekeratu. Madola 20! Masiku awiri a zotsatsa za mkulu uja. Kulikonse kumene madola akusowa nkhani yake imayenda chimodzimodzi: khadi imayamba kukana, kenako ndalama imagwa, ndipo kukana kwa khadiko ndiye chenjezo lake. Khadi imene inkadutsa bwinobwino ikayamba kubwerera, ine ndimadziwa kuti mtengo wa dola umene ndili nawo m'mutu sukhalitsa.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti kuluza kumeneku sikuoneka pa foni. Mukatsegula Ads Manager, pamene mumaonera mmene zotsatsa zanu zikuyendera, zonse zili bwino. Mkuluyu amapeza 6,000 pa katundu mmodzi akachotsa zogulira ndi zotumizira, ndipo kuti apeze wogula mmodzi zotsatsa zimadya madola 4. Dola ili pa 1,050, madola 4 amenewo anali 4,200, m'thumba n'kutsala 1,800. Dola itafika pa 1,365, madola 4 omwewo akhala 5,460, kutsala 540 yokha. Pa foni pakulembedwabe madola 4, dzulo 4, lero 4, munthu n'kumasangalala kuti zinthu zikuyenda. Phindu latsika kupitirira magawo awiri mwa atatu, iye osadziwa. Gawani 6,000 ndi 4, mupeza 1,500. Dola ikangofika pamenepo, wogula aliyense amene wabwera kudzera pa zotsatsazo sakukusiyirani kanthu, ndipo ikapitirira mukulipira kuti mugulitse. Nambala imeneyi aliyense wotsatsa malonda ayenera kuidziwa pamtima. Funsani anthu khumi amene amadina `Boost post`, muone ngati angakuuzeni yawo.

Choncho ine sindilandiranso bajeti yolembedwa mu ndalama ya m'thumba yokha. Ukandipatsa 300,000 sindigawa ndi 1,000. Ndimagawa ndi mtengo woipa, umene ndikuopa kuti tingafikepo mwezi usanathe, ndi za banki zomwe. Ndikagawa ndi 1,365 ndimapeza madola osakwana 220, ndiye ndimaika madola 7 pa tsiku, osati 10. Ukadandaula kuti achepa, dandaula. Ndalama ikapanda kugwa, zotsalazo tiziika mwezi wamawa. Kenako ndimalemba madola amenewo pa `Account spending limit`, malire a ndalama a akaunti ya Meta, kuti akakwana zonse ziime zokha. Musadalire bajeti ya pa tsiku kuti ikutetezani. Pa Google Ads, potsatsira malonda pa Google, tsiku limodzi likhoza kudya kawiri ndalama imene mwaika, bola pamwezi isapitirire ndalamayo kuchulukitsa ndi 30.4. Ngati khadi yanu ili ndi malire ochepa, masiku awiri otere ndi okwanira kuti ikanidwe.

Ndipo ndimalipira msanga. Kumene kuli mwayi woika ndalama mu akaunti zotsatsa zisanayambe, ikani, chifukwa mtengo wa dola mwautseka tsiku limenelo. Mwayi umenewo suli m'dziko lililonse, ndiye kumene kulibe, dinani `Pay now` masiku angapo aliwonse ngongole ikadali yaing'ono, osadikira kuti ifike pa mlingo. Madola 20 amadutsa pa khadi imene ikanakana 150. Ngati muli ndi njira yovomerezeka yosungira madola enieni, gulani a mwezi wonse lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Dola imene simunaigule si yanu, ndi mtengo wake womwe si wanu. Ngakhale tsiku lolipira lenilenilo, muziona pepala la ku banki patapita masiku awiri kapena atatu, chifukwa nthawi zina ndalama imayamba yagwidwa kaye, n'kudzadulidwa pambuyo pake pa mtengo wa tsiku limenelo.

Wina andiuza kuti bwanji osangotsegula akaunti mu ndalama ya kwanu. Kumene zikutheka zimathandiza kuti muziona manambala amene mumawamva, koma kampani imene mukuilipira ili kunja, ndipo banki yanu ikhoza kuiwerengabe ngati malipiro akunja n'kukana chimodzimodzi. Komanso pa Google Ads mtundu wa ndalama mukausankha potsegula akaunti simungausinthenso, mpaka mutsegule ina. Anthu amangodina osawerenga.

Pamene ndapsa kale mtima, ndinene ndi za akamberembere awa amene adzaza m'magulu a pa intaneti akuti tikulipirirani zotsatsa, ingotumizani ndalama. Si onse oipa, ndipo ndikudziwa kuti khadi ikakana munthu umagwira chilichonse. Koma ambiri amakuuzani ndalama imodzi yophatikiza, osakuuzani kuti dola akuiwerengera pa zingati ndipo yawo ndi zingati. Mukawafunsa lisiti amakwiya. Lisiti lilipo, limatuluka lokha mu akaunti nthawi iliyonse khadi ikadulidwa, lili ndi tsiku ndi madola ake. Wokana kukuonetsani akubisa chinachake. Choipa kwambiri, amayendetsa zotsatsa zanu mu akaunti yawo, khadi imodzi yomweyo n'kuilumikiza kwa anthu makumi awiri. Mmodzi mwa anthuwo akatsatsa zoletsedwa kapena khadiyo ikabwerera kangapo, akaunti ikhoza kutsekedwa, nonse n'kugwera limodzi. Mbiri ya zotsatsa zanu, mndandanda wa anthu amene anaonetsa chidwi, zonse zimene munalipira kwa chaka chathunthu zili m'manja mwa munthu amene foni yake tsopano siikupezeka. Ena mpaka amapempha kuti muwapatse ulamuliro wonse wa tsamba lanu, inu n'kupereka! Kuti munthu alipire ngongole ya madola 50 akufuniranji mphamvu yokuchotsani pa tsamba lanu lomwe?