Inu Ogwirira Alendo Chitseko, Tamverani Kuno

Ana anga a m'maofesi, ndalekerera nthawi yaitali, lero ndinene. Abwana anu anawononga ndalama kuika chitseko chotsegula ndi khadi, makamera ndi alonda, koma inu mukaona munthu wanyamula katoni mumathamanga kukamugwirira chitseko. Mumati ndi ulemu. Ulemu wanji wolowetsa munthu amene simukumudziwa ndi dzina lomwe?

Ndikuuzeni zimene zinachitika pa ofesi ina imene ndinagwirapo ntchito. Lolemba kunabwera foni polandirira alendo. Mwamuna wa mawu ofatsa anati ndi wa kampani yokonza mapulinta, ndipo amangofuna kudziwa amene amayang'anira makompyuta. Mtsikana wa pa desiki anatchula dzina, n'kuwonjezanso yekha kuti bamboyo ali patchuthi mpaka sabata yamawa. Palibe chinabedwa tsiku limenelo. Koma wakubayo anali atapeza zonse zomangira bodza lake: dzina lenileni, ndi masiku amene mwini dzinalo kulibe woti amutsutse.

Lachinayi m'mawa, nthawi imene anthu amalowa mounjikana, anatulukira atavala jekete ya ntchito, katoni ili m'manja. Mnyamata wa ku akaunti anagunditsa khadi lake, chitseko n'kutseguka, ndipo poona mnzake manja adzaza anamugwirira. Mtsikana uja anayesetsa ndithu, anafunsa. Mlendoyo anatchula dzina la bambo wa makompyuta, n'kuti, "Tinapangana asanapite kutchuthi. Ngati mukukayika imbani nambala ili papepalayi." Anaimba. Anayankha ndani? Mnzake wa wakubayo, amene anavomera zonse mwaulemu.

Wakubayo anakhalamo mphindi 20 zokha. Anatuluka ndi laputopu m'katoni muja, ndipo kuseri kwa pulinta anasiya kachipangizo katalumikizidwa ku netiweki ya ofesi, koti azilowera ali kutali. Tinakapeza patapita masabata. Titafananitsa kaundula wa chitseko ndi zithunzi za kamera, makadi ogunditsidwa m'mawawo anali 14 koma anthu olowa anali 15. Chitseko chimawerenga makadi, sichiwerenga anthu, ndipo wakuba amadziwa zimenezo kuposa inu.

Cholakwa chachikulu cha mtsikanayo sichinali kusafunsa ayi. Anafunsa kolakwika. Nambala imene wakupatsani munthu amene mukumukayikirayo si umboni wa chilichonse, chimodzimodzi baji, yunifolomu kapena kalata ya chidindo, pakuti zonsezi munthu amasindikiza kunyumba. Ngakhale nambala yooneka pa foni yanu imatha kunamizidwa. Muziimba nambala imene muli nayo kale, ya m'buku la ofesi kapena ya pa mgwirizano umene munasainirana ndi kampaniyo. Ngati amene akuti anamuitana kulibe, funsani wachiwiri wake. Onse akasowa, mlendo akhale pampando kapena abwere mawa. Wokonza makina weniweni anazolowera kudikira. Amene amayamba kukalipa, kutchula mayina a mabwana ndi kunena kuti ntchito iima chifukwa cha inu, ameneyo ndiye mumuyang'anitsitse, chifukwa changu ndi mantha ndizo zida zake.

Pachitseko lamulo ndi limodzi: khadi limodzi, munthu mmodzi. Mukalowa, cheukani mpaka chitseko chitsekeke, masekondi ochepa chabe. Wina akakutsatirani simukuyenera kukangana naye. Mungoti, "Pepani, aliyense amagunditsa lake. Ngati mulibe, tiyeni ndikuperekezeni ku desiki." Akakana, musamugwire, uzani mlonda msanga. Ndipo inu akuluakulu amene mumakwiya mwana akakufunsani khadi, ndinu amene mukuphunzitsa anawa kuopa kufunsa. Zija zopinga chitseko chakumbuyo ndi mpando kuti mukasute fodya, sindifuna n'kuzimva komwe.

Musaganize kuti izi zimagwera maofesi ang'onoang'ono okha. Mu 2023 kampani ya mahotela ya MGM Resorts ku America inaonongeredwa makompyuta, ndipo malipoti anati akubawo analowera pa foni, podzitcha wogwira ntchito amene akufuna thandizo lolowera mu akaunti yake. Kampaniyo inanena kuti inataya pafupifupi madola 100 miliyoni.

Tsono mlendo akaloledwa, alembe m'kaundula dzina, nthawi ndi amene wamudzera, inu mutaona chiphaso chake ndi maso anu. Avale baji ya alendo, ndipo womuitanayo abwere adzamutenge yekha, osati kumulozera njira ndi chala. Potuluka abweze baji. Woimba foni akafunsa za amene ali patchuthi, yankho ndi lakuti, "Siyani uthenga, akuimbirani." Ndipo ngati mwazindikira mochedwa kuti mwalowetsa munthu wosadziwika, kaneneni ola lomwelo, zithunzi za kamera zisanafufutike, kuti a makompyuta akayang'ane kuseri kwa makina alionse amene anawakhudza.