Sikelo yosinthasintha simayezera thonje

Ndakwiya ine. Mphwanga wa ku Bangula ampatsa ziro ku koleji ati nkhani yake inalembedwa ndi AI, mapulogalamu a pakompyuta aja olemba ngati munthu. Nkhani ya madzi a Freddy a mu 2023, amene anamugoneka yekha pakampu! Mwanayu amaganiza m'Chisena ndi m'Chichewa. Analemba m'Chichewa m'kope, n'kumasulira pafoni kupita m'Chingerezi, n'kukonza apo ndi apo. Alekichala anaiponya m'pulogalamu yofufuza AI, inatulutsa nambala yoposa 80%, mlandu watha. Osamufunsa n'komwe.

Tinakhala pansi ndi foni yake. Chingerezi chomwecho, pulogalamu ina inati analemba ndi munthu. Titaika Chichewa cha m'kope muja inatulutsa nambala ina. Titabweza Chingerezicho m'Chichewa n'kuchimasuliranso, nambala inasinthanso. Ndiye ndifunse, nambala yoona ndi iti? Maganizo ndi omwewo, mwini wake ndi yemweyo, madzi anakokolola chimanga ndi omwewo. Wogula thonje pa Ngabu atabwera ndi sikelo yoti thumba limodzi lizilemera mosiyana nthawi iliyonse, bwenzi mutamuthamangitsa dzuwa lisanafike pamutu. Koma apa mukuigwadira.

Chinthuchi sichidziwa amene walemba, abale. Chimangoyeza ngati mawu akutsatana m'njira yozolowereka. Makina omasulira amasankha mawu ofala kwambiri, ziganizo zonse n'kukhala zosalala mofanana, basi nambala yakwera. Chichewa ndiye chofufuzira AI chija chinachiona chochepa pophunzitsidwa, chimangolota. Ndipo zimapitanso mbali inayo. Waulesi amene walembetsadi kwa AI akazunguliritsa nkhani yake m'Chichewa n'kuibweza, akhoza kudutsa bwinobwino, wolemba ndi thukuta lake n'kugwidwa.

Eni ake a ChatGPT, a OpenAI, anatseka pulogalamu yawo yofufuzira mu Julaye 2023 chifukwa inkaphonya kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku Stanford anayesa nkhani 91 za mayeso a Chingerezi a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo, pa mapulogalamu 7. Zoposa theka zinanamiziridwa kuti n'za makina. Amenewo analemba okha m'Chingerezi, nanga wa ku Nsanje amene wadutsira m'ziyankhulo zitatu?

Ngati kumasulira pafoni n'koletsedwa, nenani poyera tsiku loyamba, mumulange pa chimenecho. Koma musamunene kuti sanaganize yekha chifukwa cha nambala yosakhazikika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muitaneni, aonetse kope, mumufunse kuti madzi analowera mbali iti, muone ngati angachite chibwibwi.

Komanso inu amene mukufuna Chingerezi chosalala, munapitako kusukulu za kutsidya kwa Shire, uko ku Makhanga, kumene madzi akadzaza ana amakhala milungu osalowa m'kalasi? Bandulo yofufuzira zonsezi ndagula ndine, netiweki yake yochita kukwerera pachulu.