Uthenga wa mdzukulu pa tsiku lobadwa la agogo

Mwezi wathawu mayi anga aakulu anakwanitsa zaka 80, ndipo mdzukulu wawo amene anakulira ku Mangalande ananditumizira uthenga wa m'Chingerezi kuti ndiumasulire ndi kukawawerengera pa chikondwerero. Mtsikanayu Chichewa amamva pang'ono koma kulemba sangathe. Uthengawo unali wa ziganizo zisanu zokha, komabe unanditengera usiku wonse, ndipo ndinatsimikiza kuti womasulira uthenga wotere ayenera kufunsa kaye chimene mawuwo akufuna kuchita mumtima mwa wolandira asanayambe kufunafuna mawu ofanana nawo.

Poyamba panali nkhani ya ulemu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lolozera munthu amene ukulankhula naye, kaya ndi khanda kaya ndi mfumu, pamene ife timasiyanitsa iwe ndi inu. Kulemba kuti "ndimakukonda" kwa agogo n'kuwasandutsa mwana, choncho paliponse ndinaika "ndimakukondani", "akusungeni", "munandilera". Izi n'zosavuta, koma ndaonapo makadi osindikizidwa bwino amene anaphonya pomwepa.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi chiganizo chimene Azungu amachikonda kwambiri, chonena kuti chikondi chawo n'chotalika ngati ulendo wopita ku mwezi wa kumwamba ndi kubwerako. Ndinayamba ndalemba kuti "ndimakukondani mpaka kumwezi", koma nditawerenga mokweza ndinachita manyazi ndekha m'chipinda, chifukwa aliyense wolankhula Chichewa amadziwa zimene timatanthauza tikanena kuti mayi ali kumwezi. Tangoganizani mawu amenewa akuwerengedwa pabwalo, apongozi ndi akuluakulu a mpingo atakhala pamipando yakutsogolo. Chimene mtsikanayu ankafuna kunena n'chakuti chikondi chake chilibe muyeso, ndiye ndinalemba kuti "chikondi changa pa inu n'chosaneneka, ndipo ngakhale ndili kutali mtima wanga uli pakhonde panu". Mtunda umene unali m'Chingerezi unatsalamo ndithu, kungoti unasanduka mtunda weniweni umene uli pakati pa awiriwa.

Chiganizo china chinali chowayamikira kuti sakuoneka ngati apitirira zaka 60. Kumene mtsikanayu anakulira, kuuza mayi kuti akuoneka wamng'ono n'kumusangalatsa. Mayi anga aakulu amanyadira imvi zawo, ndipo amakonda kunena kuti anzawo onse amene anavinidwa nawo anatsogola kale. Kuwachotsera zaka 20 kukanakhala kuwalanda chinthu chimene tinasonkhanira tsikulo. Ndinalemba kuti "Mulungu wakusungani ndi mphamvu mpaka lero, mukadayendabe nokha kupita kudimba". Mtsikanayu anawatchulanso thanthwe la banja, koma kwa munthu wokulira mu mpingo liwu limeneli limamukumbutsa Mulungu mwini, ndiye ndinasankha "mzati wa banja lathu", popeza aliyense amene anagonapo m'nyumba yaudzu amadziwa chimene chimachitikira denga mzati ukathyoka.

Pali malire amene ndikuona kuti ambiri timawadumpha. Mlongo wanga ataona zimene ndinalemba anandiuza kuti ndionjezere mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kuti uthengawo umveke wachikuda. Ndinakana. Mwambiwo ndi wabwino, koma agogo amamudziwa mdzukulu wawo, ndipo akanazindikira nthawi yomweyo kuti akulankhula ndi ine osati iye. Womasulira ali ndi ufulu wosintha fanizo limene lingachititse manyazi kapena kusokoneza, koma alibe ufulu woveka mwini uthenga nzeru za pabwalo la milandu zimene sanazinenepo. Pa chifukwa chomwechi ndinamuimbira foni mtsikanayu n'kumufotokozera chilichonse chimene ndinasintha, ndipo anavomera zonse kupatula chimodzi. Ndinali nditafupikitsa chiganizo chake chokumbukira mbatata yootcha imene agogo ankamusungira paphulusa pamene anabwera kudzacheza ali ndi zaka 7, poganiza kuti n'chaching'ono. Iye anati chimenecho ndiye chibwerere chonse, ndipo ankanena zoona.

Mawu otsegulira ndinapewa kulemba "tsiku lobadwa labwino", amene amamveka ngati chikwangwani cha m'sitolo. Ndinayamba ndi "Agogo anga okondedwa, ndikukufunirani zabwino zonse pamene mwakwanitsa zaka 80", ndipo ndinatseka ndi "Mulungu akuonjezereni masiku kuti mudzanyamule ana anga".

Pa tsikulo agogo anamvetsera mwakachetechete, manja ali pamiyendo, mpaka ndinafika pa mbatata ija. Pamenepo anandigwira dzanja kuti ndiime, n'kutembenukira kwa anthu kuwauza kuti mwanayo ankadya ndi makoko omwe, ndipo anandipempha kuti ndibwereze chiganizocho kachiwiri ndisanapitirize.