Kasitomala akati kwina n'kotchipa, musamuthamangitse

Maganizo anga, anzanga ageni, mawu oti "ndiye pitani mukagule komweko" tiwasiye. Munthu akabwera pa shopu yako n'kunena kuti kutsidyaku n'kotchipa ndiye kuti akufunabe kugula kwa iweyo, akanakhutira konkuja bwenzi atagula kale osavutikanso kudzaima padzuwa pano.

Ine ndimagulitsa malata. Tsiku lina anabwera madala ena akufuna malata 30 a mafiti 10, nditawauza mtengo anangoti iii mwana wanga, uko andiuza kuti lililonse latsika ndi K2,000, nditsitsire. Mumtimamu zinandiwawa ndithu koma ndinangoti, bambo zikomo pondiuza, kodi akuonetsani a geji yanji? Anati sanafunse. Tinayang'ana chithunzi chomwe anajambula pa foni, anali a geji 32 pomwe anga ndi a 28. Pa malata nambala ikamakwera ndiye kuti lata likupyapyala, ambiri sadziwa zimenezi, amaganiza kuti 32 ndiye wamkulu. Ndinatulutsa onse awiri n'kuwauza kuti tagwirani nokha mupinde pakonapa. Sindinanyoze mnzanga wa kutsidyayo ayi, sanabe munthu, akugulitsa katundu wina pa mtengo wake basi, ndiponso ukayamba zoti amene aja ndi akuba kasitomala amayamba kukayikira iweyo.

Koma ulemu wokha sukwanira ngati sudziwa pomwe mtengo wako ukuthera. Nthawi imeneyo pa lata lililonse ndinkapeza K2,500 nditachotsa oda ndi thiransipoti, pa 30 ndi K75,000. Kutsitsa K2,000 ija ndikanatsala ndi K15,000 yokha, lendi ndi mnyamata wonyamula osawerengera, ndiye mawa ukaoda ndi chani mitengo ikukwera chonchi? Ndinawauza mosabisa kuti bambo pamenepo sindingafikepo, ndidya mpamba, koma poti mukutenga ambiri ndichotsa K500 pa lililonse ndipo ndikuikirani kilo ya misomali ya pulaizi. Ngati ndalama yavuta a 32 ndili nawonso, kungoti ndikuuziretu kuti sachedwa kubonyoka mmisiri akamaponda padenga.

Nthawi zina zimapezeka kuti katundu ndi yemweyo ndendende ndipo mnzakoyo watchipitsadi, mwina anaoda kale mitengo isanakwere. Apo palibe chonamizira, ndimangoti ngati ndi geji yomweyi mtengo umenewo ndi wabwino bambo, kaguleni, zikakavuta mundipeza. Chomwe sindichita ndi kugwetsa mtengo msangamsanga munthu akangodandaula kamodzi, chifukwa amaona ngati poyamba paja umafuna kumubera, ndipo ulendo wina adzayambira pomwe unatsitsira paja.

Madala aja anati akaganize kaye. Anabwera Loweruka ndi mmisiri wawo, mmisiriyo anangogogoda lata ndi chala n'kuti tengani a 28.