Muvi wa fulikishoni uzijambulidwa pomalizira

Maganizo anga pa nkhani ya buloko imene yakhala pa thabwa lopendekeka komanso lokhakhala ndi akuti ophunzira Fizikisi ambiri amalakwa funso limeneli asanayambe n'komwe kuwerengera, ndipo cholakwacho chimakhala pa muvi umodzi wokha, wa fulikishoni. Akangoona mawu akuti thabwalo ndi lokhakhala, dzanja limathamangira kujambula muvi woloza kumtunda n'kulembapo μR, ngati kuti limenelo ndi lamulo losasintha. Ine ndikuona kuti muvi umenewu uyenera kujambulidwa pomalizira penipeni, mphamvu zina zonse zitaikidwa kale, chifukwa kumene umaloza ndiponso kukula kwake zimadalira mphamvu zinazo.

Chithunzi cha mphamvu chimafuna kuti buloko ijambulidwe payokha, yochotsedwa pa thabwa, ndipo muvi uliwonse umene waikidwapo ukhale ndi mwini wake, kutanthauza chinthu chenicheni chimene chikukankha kapena kukoka bulokoyo. Ngati palibe chingwe kapena dzanja, eni akewo ndi awiri okha. Dziko lapansi limakoka buloko ndi mphamvu ya kulemera, mg, ndipo muvi wake umaloza pansi molunjika, mmene mwala umagwera, ngakhale thabwa litapendekeka motani. Thabwa nalo limakhudza buloko ndipo limapereka mphamvu ziwiri: ina ndi R, imene imapanga madigiri 90 ndi thabwalo n'kuloza kuchoka pa thabwa, ndipo ina ndi fulikishoni, yochokera ku kukhulana kwa zinthu ziwirizi, imene imagona motsatira thabwa. Mabuku ena amalemba N m'malo mwa R, koma ine ndimakonda R kuopa kusokoneza ndi N wa manyutoni.

Mphamvu imene buloko ikukanikiza nayo thabwa ilibe malo pachithunzichi. Ilipodi, ndipo ndi mnzake wa R malinga ndi lamulo lachitatu la Newton, koma ikugwira ntchito pa thabwa, ndiye malo ake ndi pachithunzi cha thabwa. Palinso ena amene amajambula mg, kenaka n'kuwonjezera mg sin θ ndi mg cos θ, θ pokhala ngodya ya kupendekeka kwa thabwa, ngati mivi ina iwiri yoima payokha. Kutero ndi kuwerenga kulemera kawiri, popeza zigawo ziwirizi ndi mg yemweyo atagawidwa. Ngati mukufuna kuzionetsa, zijambuleni ndi mizere yodukizadukiza kapena pachithunzi chachiwiri.

Titenge buloko ya masi 10 kg, imene yaikidwa pa thabwa lopendekeka ndi madigiri 30, ndipo tinene kuti μs = 0.7 pamene buloko ili chikhalire, μk = 0.5 pamene ikutsetsereka, komanso g = 9.8 m/s². Kulemera kwake ndi 98 N. Ndi bwino kusankha mzere wa x kuti ugone motsatira thabwa ndi wa y kuti upange madigiri 90 ndi thabwa, chifukwa mukatero R ndi fulikishoni zimakhala kale pamizereyo ndipo chotsala choti chigawidwe ndi kulemera kokha. Chigawo chokokera buloko kumunsi kwa thabwa ndi mg sin 30° = 49 N, ndipo chigawo choikanikizira pa thabwa ndi mg cos 30° = 84.9 N. Amene amasokoneza sin ndi cos angoyerekeza kuti thabwa lagona pansi kwathunthu, θ ndi 0. Pamenepo palibe chokokera buloko kumbali, ndiye chigawo cha motsatira thabwa chiyenera kukhala 0, ndipo sin 0° ndiye amapereka 0.

Popeza buloko sikulowa m'thabwa kapena kunyamuka pa thabwa, mphamvu za pa mzere wa y ziyenera kufanana, choncho R = 84.9 N. Taonani kuti R si 98 N. Chizolowezi cholemba R = mg chimachokera ku mafunso a pamalo afulati, ndipo chikabwera pa thabwa lopendekeka chimawononga nambala iliyonse yotsatira.

Tsopano tafika pa fulikishoni, ndipo funso loyamba ndi lakuti, kodi thabwali likanakhala losalala kotheratu, buloko ikanalowera kuti? Pa mzere wa x pali mphamvu imodzi yokha, 49 N yoloza kumunsi, ndiye ikanatsetsereka kupita kumunsi, ndipo n'chifukwa chake fulikishoni iloza kumtunda. Funso lachiwiri ndi la kukula kwake, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Pamene buloko sikuyenda, μsR imangotiuza malire, kutanthauza mphamvu yaikulu kwambiri imene thabwa lingathe kupereka buloko isanayambe kutsetsereka, ndipo lamulo lenileni ndi f ≤ μsR. Malirewo pano ndi 0.7 × 84.9 = 59.4 N. Kuti buloko isasunthe pakufunika 49 N yokha, imene ndi yochepera malire, choncho buloko ikhala pamalo pake ndipo f = 49 N.

Taonani chimene chimachitika munthu akalemba 59.4 N pa muviwo. Kumtunda kuli 59.4 N, kumunsi kuli 49 N, zotsala ndi 10.4 N zoloza kumtunda, ndipo akagawa ndi masi amapeza kuti a, kuthamangitsidwa kwa buloko, ndi pafupifupi 1.04 m/s² kulowera kumtunda. Yankho limeneli likunena kuti buloko imene palibe akuikankha yayamba kukwera thabwa yokha. Chodandaulitsa n'chakuti masamu onse amaoneka olongosoka mzere ndi mzere, kotero wophunzira amajambula mizere iwiri pansi pa yankholo n'kupita ku funso lina osazindikira kanthu. Fulikishoni imaletsa kutsetsereka, koma pa thabwa limene silikuyenda singayambitse buloko kuyenda, ndiye pa buloko imene inali chikhalire, yankho lililonse limene fulikishoni yapambana mphamvu imene ikulimbana nayo likusonyeza kuti μsR yaikidwa pamalo olakwika.

Nthawi yokhayo imene f = μsR ndi yoona ndi pamene buloko yangotsala pang'ono kutsetsereka. Pa buloko yopanda chingwe, zimenezi zimachitika pamene tan θ = μs, ndipo pa chitsanzo chathu ngodya yake ndi pafupifupi madigiri 35. Masi a buloko salowamo m'chiwerengero chimenechi. Funso likapanda kunena kuti buloko yatsala pang'ono kusuntha, musadzipatse nokha chilolezo chimenecho.

Chimene chimanditsimikizira kuti muviwu uyenera kudikira ndi zimene zimachitika tikamangirira chingwe pa buloko yomweyi n'kumakoka kulowera kumtunda, motsatira thabwa, ndi mphamvu P. Chingwe sichisintha R chifukwa chagona pa mzere wa x, choncho malire akadali 59.4 N. Ngati P ndi 20 N, kulemera kukupambanabe ndi 29 N, buloko ikufunabe kutsetserekera kumunsi, ndipo fulikishoni ndi 29 N yoloza kumtunda. Ngati P ndi 49 N, chingwe chafafaniza chigawo cha kulemera ndendende, buloko sikufuna kupita kulikonse, ndipo fulikishoni ndi 0 ngakhale thabwa ndi lokhakhala chimodzimodzi. Ngati P ndi 80 N, chingwe chapambana ndi 31 N, buloko ikufuna kukwera, ndipo muvi wa fulikishoni watembenuka: ndi 31 N yoloza kumunsi. Buloko sinasunthe m'zochitika zitatu zonsezi, thabwa ndi lomwelo, ngodya ndi yomweyo, koma muvi waloza kumtunda, wazimirira, kenaka waloza kumunsi. Munthu amene anaujambula poyambirira mwa chizolowezi wapeza mbali yolondola kamodzi kokha pa katatu, ndipo ngati analembapo μR walakwa kukula kwake katatu konse.

Buloko iyamba kukwera pokhapokha P itaposa 49 + 59.4 = 108.4 N. Tinene kuti P ndi 120 N. Apa buloko ikuyenda, ndiye nkhani yasintha ndipo yaphwekako, chifukwa fulikishoni ya chinthu chotsetsereka ili ndi kukula kodziwika, f = μkR = 0.5 × 84.9, zimene ndi pafupifupi 42.4 N, ndipo imaloza mosemphana ndi kumene buloko ikutsetserekera, choncho pano ikuloza kumunsi. Zotsala ndi 120 − 49 − 42.4 = 28.6 N, choncho a ndi pafupifupi 2.9 m/s² kulowera kumtunda. Onetsetsani kuti simunajambule ma, masi kuchulukitsa ndi a, ngati muvi wina pachithunzipo, popeza ma ilibe mwini woikankha. Ndi zotsatira za mivi yonse itaphatikizidwa. Ngati mukufuna kukumbukira kumene a ikuloza, ikani kamuvi kakang'ono pambali, kosakhudza buloko.

Pali ena amene amanena kuti mbali imene waloza muvi ilibe kanthu, chifukwa ukalakwitsa yankho limangobwera ndi chizindikiro cha kuchotsera ndipo umadziwa kuti utembenuze. Mfundo imeneyi ndi yoona theka. Pamene buloko ili chikhalire ndipo f ndi chinthu chosadziwika chimene mukufufuza, njirayi imagwiradi ntchito: pa P ya 80 N, mutaloza muvi kumtunda, mupeza 80 + f − 49 = 0, kotero f = −31 N, ndipo chizindikirocho chakuuzani zoona. Koma pamene buloko ikutsetsereka, inu ndi amene mumaika nambala ya μkR m'chiwerengero, ndiye palibe chizindikiro chimene chingakuchenjezeni. Pa P ya 120 N, muvi wolakwika upereka 120 − 49 + 42.4 = 113.4 N ndi a wa 11.3 m/s², nambala yooneka bwinobwino imene ndi yoposa yankho lenileni pafupifupi kanayi. Njira yodzitetezera ndi kuwerengera mwachangu yankho la thabwa losalala, limene pano ndi 71 N ndi a wa 7.1 m/s², n'kukumbukira kuti buloko yokwera thabwa lokhakhala singathamangitsidwe kuposa pamenepo.

Chenjezo lina likukhudza R. Ngati mphamvu ya 80 N ija ikukankha buloko mopingasa, mofanana ndi pansi pafulati, m'malo motsatira thabwa, nayonso iyenera kugawidwa. Chigawo chake cha motsatira thabwa ndi 80 cos 30° = 69.3 N, ndipo chigawo chokanikizira buloko pa thabwa ndi 80 sin 30° = 40 N, kotero R yakwera kufika 124.9 N ndipo malire a fulikishoni afika pafupifupi 87.4 N. Fulikishoni yeniyeni ndi 69.3 − 49 = 20.3 N yoloza kumunsi, kutali kwambiri ndi malirewo. Apa zikuonekeratu kuti ngakhale R = mg cos θ si chinthu choloweza pamtima, chifukwa chimachokera ku mphamvu za pa mzere wa y ndipo chimasintha mphamvu ina ikalowererapo. Fulikishoni imadalira R kuti tidziwe malire ake, imadaliranso mphamvu za pa mzere wa x kuti tidziwe kumene ikuloza, ndipo zonse ziwirizi zimadziwika pokhapokha kulemera, chingwe ndi chokankha chilichonse zitajambulidwa n'kugawidwa kale.