Adilesi ya agogo ku Harari sikuti ndi Harare: mmene ife ndi anzathu oyandikana nawo tinasinthira maina

Amene mukufufuza kumene agogo anu ankakhala nthawi ya utchona, chonde musamangotenga adilesi ya pa envulopu yakale n'kuilemba mu `Google Maps` kenako n'kukhulupirira pomwe kachizindikiro kofiira kagwera. Mapu akati malowo sakuwapeza ndiye bola, umadziwa kuti ntchito ikadalipo. Choopsa n'choti nthawi zambiri amakupatsa malo ena ake molimba mtima, iwe n'kuyamba kuuza abale onse kuti tapeza. Ukalemba Salisbury akutengera ku Mangalande, Broken Hill akuponya ku Australia, ngakhale Limbe wathuyu akhoza kukufikitsa ku Cameroon ngati sunawonjezere dzina la dziko.

Tinene kuti muli ndi kalata ya 1958, kumbuyo kwake kwalembedwa `Matapi Hostel, Harari, Salisbury, S.R.` ndipo mkati mwake mwiniwake akuti amagwira ntchito pa sitolo ina ya mu Manica Road. Munthu wa lero akaona Harari amangoti aa olembayo anaphonya sipelo, ndi Harare ameneyu, basi n'kufufuza pakati pa tauni. Ayi ndithu. Nthawi imeneyo mzinda wonse unali Salisbury, Harari linali lokeshoni la anthu akuda kummwera kwa tauni, komwe anthu ambiri ochokera ku Nyasaland ankakhala. Mu 1982 boma la Zimbabwe linapereka dzina la Harare kwa mzinda wonse, ndipo lokeshoni lija lero ndi Mbare. Ndiye dzinalo silinafe koma linasamuka, ndipo makina ofufuzira sadziwa za chaka cha kalata yanu, amangoona dzina lomwe lilipo lero. Mafulati a Matapi alipobe ku Mbare konko. Manica Road ija ndiyo Robert Mugabe Road, ndipo S.R. ndi Southern Rhodesia.

Ku Zimbabwe matauni ambiri anangowongola kalembedwe kuti kagwirizane ndi momwe eni dziko amatchulira, Umtali kukhala Mutare, Gwelo kukhala Gweru, Wankie ya malasha ija kukhala Hwange, amenewa ukhoza kuwalota ndi khutu lokha. Koma Hartley kukhala Chegutu kapena Fort Victoria kukhala Masvingo sungalote. Misewu ndiye anaigwira kwambiri, Jameson Avenue inakhala Samora Machel, Kingsway inakhala Julius Nyerere Way, Railway Avenue inakhala Kenneth Kaunda, ndipo mu 2019 boma linalengezanso maina ena atsopano. Komabe ineyo ndimaona kuti Harare ndi wosavuta kutsata kuposa mmene amaonekera, chifukwa misewu ya pakati pa tauni ili pomwe inali, dzina lokha ndi lomwe linachoka. Ukayika mapu akale pambali pa atsopano umawerenga mphambano imodziimodzi mpaka kufika. Chinanso malo aliwonse ali ndi nambala ya sitandi yomwe ili pa mapepala a umwini, nambala imeneyo kawirikawiri sisintha msewu ukasintha dzina. Musaisokoneze ndi nambala ya pakhomo, ndi ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amasochera pomwepa polemba nambala ya sitandi ngati ya nyumba n'kugwera kumapeto kwina kwa msewu.

Mozambique anasesa kwambiri kuposa tonse. Atalandira ufulu mu 1975 maina a Chipwitikizi anachotsedwa pafupifupi paliponse, Lourenço Marques kukhala Maputo mu 1976, Vila Cabral kukhala Lichinga, ndipo kwa abale athu a ku Angonia, Vila Coutinho ndiye Ulongwe wa lero, pa mapu amalemba `Ulongué`. Vuto lawo ndi lakuti maina atsopano a misewu amabwerezedwa tauni iliyonse, Eduardo Mondlane, 25 de Setembro, ndiye ngakhale wapeza dzina latsopano uyenera kulemba tauni yake apo ayi akupatsa ya ku Maputo. Porto Amélia inakhala Pemba, pomwe Pemba wina ndi chilumba cha ku Tanzania, winanso ndi kamtauni ka kummwera kwa Zambia.

Zambia sindichedwapo, anasintha matauni m'zaka zoyamba za ufulu n'kusiya choncho. Fort Jameson ndi Chipata, Broken Hill ndi Kabwe, Bancroft ya migodi ndi Chililabombwe, pomwe Livingstone ndi Cairo Road ya ku Lusaka anazisiya. Kusintha kamodzi n'kukhazikika kumathandiza wofufuza, umangofunika mndandanda umodzi.

Tsopano kwathu kuno, komwe envulopu ija inkapita. Kutsogolo kwake mwina kwalembedwa dzina la mudzi, N.A. wakutiwakuti, P.O. Fort Manning, Nyasaland. Fort Manning ndi Mchinji, monganso Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa. Izi ambiri timazidziwa ndipo tinganene kuti ife zathu n'zophweka poti Victoria Avenue ku Blantyre ikadali Victoria Avenue. Koma ine ndikuti zathu ndi zovuta kuposa za ku Zimbabwe. Adilesi ya Mmalawi sinali msewu ndi nambala, inali mudzi, mfumu yaikulu ndi positi ofesi. P.O. Fort Manning sikutanthauza kuti munthuyo ankakhala pa boma, kalata inkangofikira pamenepo kapena pa mishoni, mudzi wake n'kutheka unali ulendo wa tsiku lonse. Kachizindikiro kofiira kakagwera pa Mchinji boma ndiye kuti mwapeza positi ofesi chabe. N.A. ija ndi Native Authority, yomwe lero timati T/A, ndipo dzina la mfumuyo ndi limene muligwiritsitse chifukwa dzina laufumu limapitirira ngakhale anthu asinthane pampando.

Kenako maboma athu anagawidwa. Pepala lakale likati Kasupe, limenelo ndi boma la Machinga, koma Balaka inali mbali ya boma lomwelo isanaime payokha, ndiye mudzi mukuufuna ku Machinga ukhoza kukhala uli ku Balaka. Neno nayo inachoka ku Mwanza, Phalombe ku Mulanje. Onjezani kalembedwe ka azungu, Cholo, Mlanje, Kota Kota, Ncheu. Mukamafufuza m'makatalogi a zolembedwa zakale, monga za ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba, mukalemba Thyolo mapepala ambiri a nthawi ya atsamunda satuluka chifukwa mwalembedwa Cholo. Pa mapu a lero lembani dzina la lero, m'mapepala akale lembani dzina la nthawi imeneyo, yesani onse awiri. Ndipo ife tili ndi kachizolowezi kena komwe ku Zambia sindimakaona kwenikweni, kosintha dzina kenako n'kulibwezera. Bwalo la Kamuzu ku Blantyre linakhala Chichiri Stadium pambuyo pa 1994, mu 2004 n'kubwereranso kukhala Kamuzu, pomwe Kamuzu Highway inakhala Masauko Chipembere Highway mpaka lero. Zimandiwawa kuti zosintha zonsezi munthu wamba sazipeza pamalo amodzi, amadalira kukumbukira kwa akuluakulu omwenso akutha.

Choncho musanatsegule mapu yambani mwaona chidindo cha positi kuti mudziwe chaka, chifukwa chaka ndicho chikuuzeni ngati Harari ndi lokeshoni kapena mzinda. Kenako pezani dziko, tauni, ndipo msewu ukhale womaliza. Kuti mudziwe ngati mapu akunamizani, yerekezani ndi zinthu zosasuntha zomwe kalatayo ikutchula, njanji, mtsinje, phiri, tchalitchi. Ngati agogo analemba kuti amawoloka mtsinje wa Makabusi, womwe lero ndi Mukuvisi, koma pomwe mapu akulozapo palibe mtsinje uliwonse pafupi, malowo si amenewo, bwererani ku dzina lakale mukayambirenso.