CHENJEZO kwa a kumakhonsolo: ndalama yotumidwa sabwereka

Ana inu amene mwalowa kumene m'makhonsolomu, makhansala, a maakaunti, ngakhale inu mabwana a m'maofesi, khalani pansi mundimve. Ine ndakalambira pa tebulo la maakaunti pakhonsolo ina yake, dzina lake sinditchula, ndipo mawu amene ndinawamva kambirimbiri mpaka kundiyabwa m'khutu ndi akuti "tingobwerekako kaye, fandingi ikabwera tibweza". Mawu amenewa ndawamvanso sabata yathayi pamaliro, mnyamata wa tayi akuwalankhula monyadira ngati wapeza nzeru yatsopano. Nde ndati ayi, ndilembe, wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwana ukampatsa ndalama nkunena kuti kagule mchere, imeneyo ndi ndalama yotumidwa, akabwera ndi zitumbuwa ndiye kuti walakwa ngakhale anali ndi njala yeniyeni. Koma ukampatsa nkunena kuti ona chimene chikusowa pakhomo pano, mwanayo ali ndi ufulu woganiza yekha, sopo kaya parafini kaya ndiwo. Ndalama zimene boma limatumiza kumakhonsolo athu 35 aja zilinso mitundu iwiri yomweyi. Zimatsatiridwa ndi komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya NLGFC, ndipo zambiri mwa izo zimabwera zitatumidwa kale: izi ndi za zaumoyo, izi za maphunziro, izi za ulimi, izi za CDF, izi za chitukuko za DDF. Yomasuka kwenikweni ndi imene timaitcha GRF, kuphatikizapo ndalama zimene khonsolo yatolera yokha, matikiti a mumsika, ziphaso za bizinesi, ndi misonkho ya nyumba ndi malo kwa a m'mizinda. Ndipo yomasukayo ndi kachidutswa chabe mukaiyerekeza ndi bajeti yonse.

Apa ndidzudzuleko kaye inu a pa WhatsApp. Mukangomva pawailesi kuti khonsolo yakuti yavomereza bajeti ya mabiliyoni mwayamba kale, DC wadya, bwanji sakukonza mlatho wathu. Mabiliyoni amenewo mbali yaikulu ndi malipiro a aphunzitsi ndi a zaumoyo, bwanamkubwa sangawakhudze nkomwe, kenako pali zotumidwa zija, chotsala chimene makhansala angakhale pansi nkukangana kuti chipite kuti nchochepa zedi. Kudzudzula dzudzulani, akuba aliko sindikukana, koma yambani mwafunsa kuti thumba lake ndi liti, chifukwa mukamakuwa za thumba lolakwika wakuba weniweni amangokusekani.

Tsopano ndikuonetseni mmene ngongole ya "tibweza" ija imayendera. Manambalawa ndangoyerekeza kuti masamu aoneke, koma kayendedwe kake ndi komwe ndinakaona ndi maso angawa.

Tinene kuti mwezi uno GRF yabwera K5 miliyoni, m'misika mwatoleredwa K4 miliyoni, zomasuka zonse K9 miliyoni. Koma zofunika pa likulu la khonsolo ndi izi: malipiro a antchito olembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo, alonda, osesa mumsika, odula matikiti, K7 miliyoni, poti awa boma silimawalipira ayi, msonkhano wa khonsolo yonse K3 miliyoni, magetsi ndi madzi K2 miliyoni, mafuta a galimoto K2 miliyoni. Zonse K14 miliyoni, kuperewera K5 miliyoni. Nthawi yomweyo mu akaunti ina mwangogwa K30 miliyoni yoyendetsera zipatala, imene timaitcha ORT ya zaumoyo. Pakhonde pali mlonda wachikulire wavula chipewa wachigwira manja awiri, akuti bwana miyezi itatu tsopano, landilodi wanditulutsira katundu panja. Mtima umagwa ndithu, ine ndinamuona munthu wotere, ndinkamudziwa ndi ana ake omwe. Ndiye wina amangoti aaa 30 yonseyi, titapepo 5, mwezi wamawa tibweza. Vocha ilembedwa, masiginecha awiri, basi zatheka, aliyense wapuma.

Koma 30 ija inali ndi eni ake kale. A zaumoyo anali ataigawa: K10 miliyoni mafuta a maambulansi, K8 miliyoni chakudya cha odwala, K7 miliyoni magetsi ndi madzi, K5 miliyoni kukonza galimoto ndi maulendo a sikelo ya kumidzi. Magetsi sangadule poti mufiriji muli katemera, chakudya sangadule poti odwala ali pabedi kale, nde chimene chimavulala ndi mafuta. Theka la mafuta lapita. Pofika pa 15 ambulansi yaima pansi pa mtengo wa mango, dalaivala akusewera bawo, ndipo mayi wodwala pakati amene wavutika kuchira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi achibale ake akuuzidwa kuti pezani ya mafuta kapena sakani matola. Amene analemba vocha uja sadzamva nkomwe za mayiyu, ndipo pepala lililonse la kuofesi silidzalumikiza zinthu ziwirizi.

Mwezi wamawa uja wafika. GRF yachedwa, ndipo itabwera yabwera K3 miliyoni osati 5, poti ku Capital Hill nakonso zinthu sizili bwino, komanso mvula yayamba, misika ya panja yaphwa, matikiti apereka K3 miliyoni yokha. Mwagwira 6, zofunika zikadali pompaja, mubweza ndi chani? Ndiye a zaumoyo akalusa mumakatapa ku maphunziro nkutseka dzenje la kuchipatala, alangizi a maphunziro osayenderanso masukulu mwezi umenewo, a maphunziro akalira mutapa ku ulimi. Dzenje silitsekeka, limangosamuka. Chaka cha boma chikamatha pa 31 Malichi simukudziwanso kuti thumba liti lili ndi ngongole kwa liti, ndipo a odita akabwera safunsa za mlonda wa chipewa uja, amangofunsa kuti ndalama ya chipatala inalipira bwanji alawansi ya msonkhano, chilolezo chili kuti.

Kale zimenezi zinkathera mu lipoti basi, anthu nkukaitanidwa ku komiti ya ku Nyumba ya Malamulo kukatuluka thukuta nkubwerako. Lero zimaluma kwina. Pansi pa pulojekiti ya GESD, imene imathandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, makhonsolo a m'maboma amayesedwa chaka ndi chaka pa kawuniwuni wa LAPA, ndipo ndalama ya chitukuko ya pulojekitiyi imatsata mmene mwakhozera, mabuku a chuma akakhala osokonekera mukhoza kulandira yochepa kapena kumanidwa kumene. Ndiye taonani, mwabwereka 5 kuti msonkhano uchitike, mwataya midadada ya sukulu imene ikanamangidwa kwa anthu anu omwe.

Musandiyese wokonda zingwe ayi. Ine ndinalipo pomwe ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono zinkabwera mu 1998, tinasangalala, tinkati tsopano boma lililonse liziganiza lokha. Ndondomeko ija inanena kuti 5 peresenti ya ndalama zimene dziko latolera izipita ku chitukuko cha m'maboma, koma chimene tinaona ndi ntchito kutsika, ndalama yomasuka osatsika nayo. Mwinanso kukhala zaka zonse zija opanda makhansala, kuyambira 2005 mpaka 2014, kunazoloweretsa a kulikulu kuti kumunsi kulibe woyang'anira ndiye bola kumanga chilichonse. Ndipo ndalama yomangidwa ili ndi uchitsiru wake, ndikuvomera. Mlatho wakokoloka, ana sakuwoloka kupita kusukulu, inu muli ndi ndalama mu akaunti koma ndi ya mijigo, mukungoiyang'ana. Zimapweteka. Koma njira yake si kutapa mwakachetechete Lachisanu madzulo. Nkhani ipite ku komiti ya zachuma, ilowe mu khonsolo yonse, ilembedwe m'maminitsi, kalata ipite kwa eni ndalama kupempha chilolezo chosintha ntchito, ndipo akakana ndiye kuti akana. Zimachedwa inde, komabe pepalalo ndi limene lidzakuimireni inuyo onse amene anakukakamizani atasamutsidwa.

Komanso dziwani kuti ngakhale m'kati mwa ndalama yotumidwa muli kaufulu ndithu. Ya zaumoyo singapite ku msika, koma kuti mafuta achuluke kapena chakudya, ambulansi iti ikonzedwe kaye, zimenezo mumaganiza nokha pabomapo, ndipo makhansala a mu komiti ya zaumoyo akanamalimbikira pamenepo m'malo mosinza kudikira envulopu bwenzi zambiri zikuyenda.

Nanga yomasuka ija? Apa ndiye pali manyazi enieni, ndipo apa simunganamizire Lilongwe. Kumasuka kwa GRF ndi ndalama ya msika sikutanthauza kuti ilibe mwini, kumatanthauza kuti amene amaituma ndinu, kudzera mu bajeti imene munavomereza nokha mutaimika manja. Koma taonani kumene imathera: msonkhano umene ukanachitikira mu holo yanu mwaupititsa kunyanja kuti alawansi ikwere, ulendo wokaphunzira kwa anzanu mmene amasesera msika, anthu 20 pa basi. Mayi wogulitsa tomato amadula tikiti tsiku ndi tsiku, chimbudzi cha mumsikamo chinadzadza chaka chatha, zinyalala zafika m'mawondo, ndiye tsiku limene adzakane kudula tikiti mudzati anthu ndi ovuta? Mwambi uja woti mbuzi imadya pomwe aimangirira mwausandutsa lamulo la ofesi. Ndipo mukamatero mukuwapatsa a kulikulu chifukwa chabwino chonenera kuti mwaona, awa tikawamasulira zambiri angomwaza. Mu chitsanzo changa chija, msonkhano wa K3 miliyoni ukanachitikira pakhomo ndi K1 miliyoni, mafuta nkuchepetsako theka, dzenje la 5 likanatsala 2, ndipo 2 ameneyo amapezeka mukangotseka mabowo a matikiti abodza m'misika.

Inu makhansala atsopano, zizindikiro zake sizivuta. Mukaona ambulansi yaima koma fandingi ya zaumoyo inabwera yonse mwezi umenewo, funsani. Mukaona lipoti la chuma likubwera ndi nambala imodzi yaikulu yophatikiza zonse, likanizeni, nenani kuti tikufuna thumba lililonse palokha, yalowa zingati, yatuluka zingati, yatsala zingati, ndi sitetimenti ya kubanki pambali pake. Mukamva kuti kuyanjanitsa mabuku ndi banki kwatsalira miyezi itatu, dziwani kuti pali chimene chikusamutsidwa. Ndipo mukalandira alawansi mwezi umene mukudziwa kuti msika sunatolere kanthu, dzifunseni kuti yachokera thumba la ndani musanaiike m'thumba lanu.

Ine vocha yotero ndinasainapo imodzi, sindibisa. Bwana amene anandiuza kuti saina tibweza anasamutsidwa chaka chomwecho, ndipo patapita zaka ndili kumunda ndikupalira chimanga foni inalira, akuti mubwere mudzafotokoze. Papepalapo dzina la bwana uja panalibe, panali langa, ndipo ya minibasi yopitira kukayankha ndinachita kugulitsa nkhuku ziwiri.